Pepala la Masamu a Ana Aang'ono: Kakonzedwe Kake ndi Kayankhidwe ka Zimene Mwana Walemba

Pepala la ntchito, monga momwe mawuwa akugwiritsidwira ntchito m'nkhani ino, ndi tsamba limodzi lomwe mphunzitsi kapena kholo amakonza kuti mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi alembepo yekha, ndipo nthawi zambiri pamakhala zithunzi zoti aziwerenge, maonekedwe a zinthu oti awazindikire, ndiponso masamu ochepa owonkhetsa ndi ochotsera. Mapepala otere amapezeka m'sukulu za mkombaphala ndi mu Sitandade 1, ndipo kumene kulibe makina osindikizira, mphunzitsi amajambula zomwezo pa bolodi kuti ana akopere m'makope mwawo. Ambiri amaona pepalali ngati mayeso aang'ono oti achonge ndi kulembapo malikisi, koma mfundo ya nkhani ino ndi yakuti pepalali limasonyeza njira imene mwana wadutsa poganiza, kotero kuti yankho lolakwika limauza munthu wamkulu zambiri kuposa yankho lolondola, ndipo kuyankha mwana mofatsa ndi momveka kumayamba ndi kudziwa kuwerenga cholakwacho.

Kuti mfundoyi ioneke bwino, nkhani ino itsata pepala limodzi lokha la magawo atatu. Gawo loyamba lili ndi chithunzi cha mango asanu ndi awiri omwazikana, ndi kabokosi kolembamo nambala. Gawo lachiwiri lili ndi zojambula zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana akupemphedwa kupaka mtundu mathirayango onse. Gawo lachitatu lili ndi masamu anayi, omwe ndi 5 + 3, 6 + 3, 4 + 2, ndi samu ina yomwe mpata wake uli pakati, yolembedwa 4 + □ = 7.

Kuwerenga zinthu

Mwana amene amatha kutchula manambala kuyambira wani mpaka teni popanda kudodoma sikuti wadziwa kale kuwerenga zinthu, pakuti kutchulako kungakhale ngati nyimbo imene waloweza pomva anzake. Akatswiri awiri a ku Amereka, Rochel Gelman ndi C. R. Gallistel, anafotokoza m'chaka cha 1978 kuti kuwerenga kwenikweni kumatsamira pa mfundo zisanu, ndipo zitatu mwa izo ndi zimene zimaonekera kwambiri pa pepala. Yoyamba ndi yakuti chinthu chilichonse chilandire dzina limodzi la nambala, osalumpha chinthu ndiponso osachiwerenga kawiri, monga momwe wosewera bawo amaponyera nkhomo imodzi m'dzenje lililonse. Yachiwiri ndi yakuti mayina a manambala azibwera mu ndondomeko imodzimodzi nthawi zonse. Yachitatu ndi yakuti nambala yotchulidwa pomaliza imaimira kuchuluka kwa gulu lonse, osati dzina la chinthu chimene chala chatherapo.

Mwana akalemba 8 pansi pa mango asanu ndi awiri aja, mphunzitsi wofulumira amangolemba chizindikiro cholakwa n'kupitirira, pamene 8 ameneyo angachokere ku magwero atatu osiyana, ndipo gwero lililonse lili ndi mankhwala ake. Mwina mwanayo wawerenga bango limodzi kawiri chifukwa mangowo ngomwazikana ndipo waiwala pamene anayambira. Mwina pakamwa pake pathamanga kuposa chala chake, kotero kuti chala chatsalira m'mbuyo. Mwinanso walumpha dzina limodzi m'ndondomeko, natchula faifi kenaka seveni, kotero kuti bango lomaliza lagwera pa eyiti. Pepala lokha silingasiyanitse zitatuzi, ndipo n'chifukwa chake njira yodziwira ndi kumupempha mwanayo kuti awerengenso mokweza akukhudza bango lililonse, wamkulu akuyang'ana chala ndi kumvetsera pakamwa nthawi imodzi.

Chikadziwika chomwe chavuta, yankho limakhala lalifupi ndi lolunjika pa chinthu chimodzicho. Kwa mwana amene wawerenga bango kawiri, mphunzitsi angathe kunena kuti, "Manambala ako wawatchula bwino mu ndondomeko yake. Bango ili chala chako chafikapo kawiri. Tiye tiike kadontho pa bango lililonse limene tawerenga." Mawu amenewa akutchula chimene mwana wakhoza, akusonyeza malo enieni amene phazi laterereka, ndipo akumupatsa chochita ndi dzanja lake. Kwa mwana amene pakamwa pamathamanga, pepala liyambe laikidwa pambali, ndipo apatsidwe zitsekerero za mabotolo kapena timiyala toti azikankhira mbali ina kamodzikamodzi, chifukwa chinthu chosunthika chimakakamiza dzanja ndi liwu kuyendera limodzi, pomwe chithunzi chosindikizidwa sichisuntha.

Mfundo yachitatu ya Gelman ndi Gallistel ija imabisala kwambiri, popeza mwana angalembe 7 wolondola asanaimvetse. Njira yoiyesera ndi kumufunsa akangomaliza kuwerenga kuti, "Ndiye mangowa alipo angati?" Mwana amene waimvetsa amayankha nthawi yomweyo, pamene amene sanaimvetse amayambiranso kuwerenga kuchokera pa wani, chifukwa kwa iye funso lakuti angati ndi lamulo loti ayimbe nyimbo ija. Karen Wynn, m'kafukufuku amene anasindikiza mu 1990 ndi 1992, ankapempha ana aang'ono kuti amupatse zinthu za chiwerengero chimene watchula, ndipo anaona kuti ambiri odziwa kutchula manambala ankangotapa dzanja lodzaza akapemphedwa zinthu zopitirira ziwiri kapena zitatu. Pepala labwino liyenera kukhala ndi ntchito ya mtundu umenewu, monga kujambula mango khumi ndi kupempha mwana kuti apake asanu ndi limodzi okha, chifukwa apo mwana ayenera kusunga nambalayo m'mutu ndi kudziwa poimira.

Chimene Chichewa chimapereka

Mwana wolankhula Chichewa amafika ku sukulu ndi mitundu iwiri ya manambala. Wina ndi wobwereka, wa wani, thu, fili, umene amaumva pa msika ndi pa ndalama, ndipo wina ndi wa chinenero chake, umene amaumva akatumidwa kukatenga mbale ziwiri kapena mazira atatu. Mtundu wachiwiriwu uli ndi zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa pokonza pepala. Choyamba, dzina la nambala limasintha mutu wake motsata chinthu chowerengedwacho, kotero kuti mwana amamva miyala iwiri, nthochi ziwiri, ana awiri ndi timitengo tiwiri, ndipo ayenera kuthandizidwa kuona kuti zonsezi zimalembedwa ndi chizindikiro chimodzi, 2. Mzere umodzi wa pepala wokhala ndi magulu anayi a zinthu zosiyana, gulu lililonse la zinthu ziwiri, umaphunzitsa zimenezi popanda kufotokoza kwambiri.

Chachiwiri, ndipo ndicho cha phindu lalikulu, manambala a Chichewa kuchokera pa 6 mpaka 9 amamangidwa pa zisanu. Munthu akanena kuti zisanu ndi ziwiri, watchula dzina la 7 ndipo nthawi yomweyo wanena samu ya 5 + 2, chinthu chimene dzina lakuti seveni silionetsa konse. Kamangidwe kameneka kamagwirizana ndi zala za dzanja, ndiponso ndi chojambula chimene aphunzitsi a masamu m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, chomwe ndi bokosi la zipinda khumi zondandalikidwa m'mizere iwiri ya zipinda zisanu. Mango asanu ndi awiri aja akaikidwa m'bokosi lotere, mzere wam'mwamba umadzaza ndipo awiri amatsikira mumzere wam'munsi, kotero kuti mwana amaona ndi maso zimene pakamwa pake pamanena, komanso amaona zipinda zitatu zopanda kanthu zimene zikumuuza kuti kwatsala zitatu kuti khumi likwane. Ana aang'ono amatha kuzindikira zinthu ziwiri kapena zitatu pongoziyang'ana osawerenga, ndipo bokosili limagwiritsa ntchito luso limenelo, chifukwa mwana akazolowera kuti mzere wodzaza ndi zisanu, amangoyang'ana zotsalazo. Pepala lokonzedwa bwino limayamba ndi zinthu zondandalikidwa chotere, ndipo zomwazikana zimabwera pambuyo monga ntchito yovutirapo.

Maonekedwe a zinthu

Thirayango ndi chojambula chotsekeka cha mbali zitatu zowongoka ndi ngodya zitatu, ndipo tanthauzo limeneli silinena kanthu za kukula kwake, kutalika kwa mbali zake, kapena kumene nsonga yake yaloza. Komabe mapepala ambiri amajambula thirayango ya mtundu umodzi wokha, ya mbali zofanana, yokhala pansi ndi tsinde lake, nsonga ili m'mwamba ngati denga la nyumba. Pierre van Hiele ndi Dina van Hiele-Geldof, aphunzitsi a ku Holande amene anamaliza kafukufuku wawo mu 1957, anasonyeza kuti wophunzira amayamba kuzindikira chojambula ndi maonekedwe ake onse pamodzi, pochifanizira ndi chinthu chimene amachidziwa, ndipo pambuyo pake m'pamene amaphunzira kuchizindikira ndi mbali ndi ngodya zake. Mwana amene waona thirayango ya mtundu umodzi wokha amakhala nthawi yaitali pa sitepe yoyamba ija.

Pa chifukwa chimenechi, zojambula zisanu ndi chimodzi za pa pepala lija zinasankhidwa mwadala. Pali thirayango yozolowereka, thirayango yozondoka, thirayango yaitali yowonda, chojambula cha mbali zitatu chomwe ngodya imodzi sinatsekeke, chojambula cha nsonga zitatu chomwe mbali zake ndi zokhota, ndi sikweya. Mayankho olondola ndi atatu oyambawo, koma mwana amene akuyendera maonekedwe amapaka yozolowereka ija pamodzi ndi yosatsekeka ndi yokhota, chifukwa zonsezi zikufanana ndi denga, ndipo amasiya yozondoka ndi yowonda. Mwana ameneyu sanachite mwachisawawa, koma watsata lamulo lake mokhulupirika, ndipo ntchito ya wamkulu ndi kumupatsa lamulo labwino kuposa limenelo.

Yankho lofatsa pano limadutsa m'manja. Mphunzitsi amadula thirayango pa katoni, naipereka kwa mwana ili chilili, ndipo mwana akavomera kuti ndi thirayango, amamupempha kuti aitembenuze pang'onopang'ono mpaka nsonga iloze pansi, kenaka amamufunsa kuti, "Kodi mbali zake zasintha? Tawerenga, zilipo zingati tsopano?" Pa chojambula chosatsekeka, mwana amayendetsa chala m'mphepete mpaka chigwere pa mpata, ndipo mphunzitsi anganene kuti khola lotere mbuzi ingathawemo. Pa chokhota, amayalapo kamtengo kowongoka kuti mwana aone kuti mbaliyo siikutsata kamtengoko. Mafunso atatu ndiwo amatsala m'mutu mwa mwana, akuti kodi mbali zilipo zingati, kodi ndi zowongoka, ndipo kodi chatsekeka, ndipo mafunsowa amagwiranso ntchito pa sikweya ndi pa rekitango.

Wokonza pepala ayenera kusamala ndi misampha iwiri imene imachokera kwa iye mwini. Woyamba ukukhudza rekitango, yomwe ndi chojambula cha mbali zinayi zowongoka ndi ngodya zinayi zonga za tsamba la buku. Mwa tanthauzo limeneli sikweya nayo ndi rekitango, yomwe mbali zake zonse zafanana, kotero kuti pepala lopempha mwana kupaka marekitango onse, kenaka n'kumulakwitsa chifukwa wapakanso sikweya, likumuphunzitsa chinthu chimene adzayenera kuchisiya m'makalasi apamwamba. Msampha wachiwiri ndi wosakaniza zinthu zafulati ndi zolimba, monga kujambula mpira kapena lalanje n'kulitcha seko, pamene seko ndi mzere wozungulira wonga mkombero wa lichero kapena m'mphepete mwa ndalama yachitsulo. Mwana akaika ndalama pa pepala n'kuzunguliza pensulo, amaona yekha kumene seko imachokera.

Masamu owonkhetsa

Ana amadutsa masitepe odziwika powonkhetsa. Poyamba amawerenga zonse, kutanthauza kuti pa 5 + 3 amayala zisanu, amayala zitatu, kenaka amawerenga gulu lonse kuchokera pa wani. Pambuyo pake amaphunzira kupitiriza, kutanthauza kusunga faifi m'mutu ndi kutchula sikisi, seveni, eyiti. Pomaliza amakumbukira yankho kapena kulipeza kuchokera ku samu ina imene akuidziwa. Cholakwa chodziwika kwambiri chimabadwa pa kusamuka kuchoka pa sitepe yoyamba kupita pa yachiwiri, ndipo pepala lija limachionetsa bwino.

Mwana wina angalembe 7 pa 5 + 3, 8 pa 6 + 3, ndi 5 pa 4 + 2. Mwa malikisi, mwanayu walakwa zonse zitatu, koma woyang'ana mosamala amaona kuti yankho lililonse laperewera ndi chimodzi, ndipo kufanana kotereku sikungakhale kwangozi. Chimene chachitika n'chakuti mwanayo akupitiriza, koma akuwerengera nambala yoyambira ngati sitepe yoyamba, kotero kuti pa 5 + 3 akutambasula zala zitatu akutchula faifi, sikisi, seveni. Cholakwa chake ndi chimodzi chokha, ndipo ndi cholakwa cha mwana amene wapita patsogolo kuposa mnzake amene wakhoza zonse powerenga kuchokera pa wani. Kumubweza ku masamu ophweka kapena kumupatsa masamu ena makumi awiri a mtundu womwewo sikungathandize, chifukwa angobwereza njira yomweyo mpaka ikhazikike.

Chothandiza ndi kumuonetsa kuti faifi yatha kale ntchito. Mphunzitsi amawerenga timiyala tisanu pamodzi ndi mwanayo, amativindikira ndi kapu, naika titatu pambali pake, kenaka amanena kuti, "M'kapumu muli faifi, tawawerenga kale. Gwira kapu unene faifi. Mwala uwu ndi wotsatira, dzina lake ndani?" Dzanja likakhudza kapu pa faifi ndi kukhudza mwala woyamba pa sikisi, mpata umene unasowa uja umapezeka. Pa samu imeneyi Chichewa chimachitiranso umboni, pakuti mwana akafunsidwa kuti anene m'chinenero chake miyala isanu ndi ina itatu, amatchula isanu ndi itatu, lomwe ndi dzina la 8, ndipo amaona kuti isanu ndi iwiri, yomwe ndi 7 amene analemba, ndi gulu lina. Akatero apatsidwe 6 + 3 kuti akonze yekha, mphunzitsi ali chete, chifukwa kukonza kumeneko ndiko kumasonyeza ngati wamvetsa.

Samu yomaliza, 4 + □ = 7, imayesa chinthu china. Ana ambiri amalemba 11 m'kabokosiko, chifukwa aona chizindikiro chowonkhetsa ndi manambala awiri, ndipo kwa iwo chizindikiro cha = chimatanthauza kuti yankho libwere, osati kuti mbali ziwirizo ndi zofanana. Maganizo amenewa amakula pamene masamu onse amene mwana waona ali ndi mpata kumapeto. Yankho lomveka ndi kusandutsa samuyo nkhani yaifupi, monga yakuti mayi akufuna mazira asanu ndi awiri ndipo m'mbale muli anayi, ndiye nkhuku iikire angati, kenaka kuyala anayi m'bokosi la zipinda khumi ndi kuwonjezera limodzilimodzi mpaka akwane. Pa mapepala otsatira, ndi bwino kulemba masamu ena motembenuza, monga 7 = 4 + 3, ndi kuwerenga chizindikirocho kuti n'chimodzimodzi ndi, kuti khutu la mwana lizolowere tanthauzo lake lenileni.

Kayankhidwe ndi malire a pepala

Pa zonsezi pakuoneka kuti kufatsa sikutanthauza kubisa cholakwa kapena kuchonga yankho lolakwika poopa kukhumudwitsa mwana, chifukwa mwana amene wauzidwa kuti 7 ndi wolondola pa 5 + 3 wanamizidwa. Kufatsa ndi kufunsa kaye kuti wapeza bwanji, kutchula chimene wakhoza, kukonza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kusiya pensulo m'dzanja la mwana. Ndi bwinonso kufunsa funso lomwelo lakuti wapeza bwanji pa mayankho olondola, chifukwa likamabwera pa zolakwa zokha, mwana amaphunzira kuti kufunsidwa ndi chizindikiro cha kulephera, ndipo amayamba kufufuta asanaganize. M'malo mwa chizindikiro chachikulu cholakwa, kadontho kakang'ono pambali pa samu, kotanthauza kuti pano tibwererepo, kamasunga chilungamo popanda kuchititsa manyazi, ndipo kadonthoko kamasanduka chongi mwana akakonza.

Pali zolakwa zina zimene si za masamu konse, ndipo ziyenera kusiyanitsidwa. Mwana amene walemba 3 woyang'ana kumbuyo pa 4 + □ = 7 wakhoza samuyo, ndipo kutembenuza manambala kotereku n'kofala pa msinkhu umenewu, kotero kuti auzidwe kuti yankho ndi lolondola, kenaka asonyezedwe poyambira pensulo polemba 3. Mwana amene sanalembe kanthu mwina sanathe kuwerenga malangizo, n'chifukwa chake malangizo ayenera kunenedwa pakamwa m'chinenero chimene mwana amamva, ndi chitsanzo chimodzi chochitidwa kale pamwamba pa gawo lililonse. Zithunzi zikhale za zinthu zimene mwana amazidziwa, zazikulu mokwanira kuti chala chikhudze chimodzi osakhudza chinzake, ndipo pasakhale zokongoletsa zina zimene mwana angaziwerengere pamodzi ndi mango.

Jerome Bruner anafotokoza m'zaka za m'ma 1960 kuti munthu amagwira mfundo m'njira zitatu, zomwe ndi kuchita ndi manja, kuona chithunzi, ndi kugwiritsa ntchito zizindikiro. Pepala lili ndi ziwiri zomalizazo zokha, ndipo apo m'pamene malire ake ali. Kukonza kochuluka kumene kwafotokozedwa m'nkhani ino kwabwerera ku timiyala, kapu, katoni kapena kamtengo, zomwe zikusonyeza kuti pepala liyenera kubwera pambuyo pa zinthu zogwirika, ndipo zinthuzo zikhale pafupi pamene mwana akulemba. M'kalasi ya ana ambiri, mmene mphunzitsi sangakhale pansi ndi mwana aliyense, njira yotheka ndi kusanja mapepala m'milu motsata mtundu wa cholakwa osati motsata malikisi, kuti onse operewera ndi chimodzi aitanidwe pamodzi ku kapu ndi timiyala, ndipo onse okana thirayango yozondoka apatsidwe katoni. Masamu anayi osankhidwa bwino amakwanira kuonetsa milu imeneyi, pamene masamu makumi awiri amangotopetsa dzanja laling'ono.

Aphunzitsi, alezi a ku mkombaphala ndi makolo akupemphedwa kuti pepala la mwana likafika m'manja mwawo, asayambe ndi kuwerenga zimene wakhoza ndi zimene walakwa, koma ayang'ane ngati zolakwazo zikufanana, amuitane mwanayo, amupatse timiyala, ndipo amufunse modekha kuti awaonetse mmene wapezera yankho lake.